Nambala imodzi, mayina atatu: kukonza mndandanda wa makasitomala

Tiyerekeze sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza imene imasunga mayina a makasitomala ake mu Excel. Alembi akhala akusinthasintha, aliyense ndi kalembedwe kake. Mwini sitolo akafufuza ngongole ya bambo Phiri amapeza mizere itatu: "Phiri", "PHILI" ndi "phiri " yokhala ndi mpata kumapeto. Nambala ya foni nayonso yalembedwa mwamitundumitundu: 0999 000 000, +265999000000 ndi 999000000. Munthu amaona kuti ndi kasitomala mmodzi, koma kompyuta imawerenga atatu.

Musanakhudze chilichonse, koperani fayiloyo n'kusunga yoyambayo padera. Zokonzazo muzilemba m'madanga atsopano pambali pa akalewo, kuti pakalakwika muone pamene mwachokera.

Yambani ndi mipata, chifukwa ndi imene siioneka. Mukalemba =LEN(A2) pa dzina lakuti Banda n'kutuluka 6 m'malo mwa 5, dziwani kuti mwabisala mpata. Ngati mayina ali m'danga A, lembani izi mu C2 n'kukokera pansi:

```
=PROPER(TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," ")))
```

TRIM imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo pakati pa mawu imasiyapo umodzi wokha. SUBSTITUTE ikuthana ndi mpata wina wouma mutu umene umabwera ndi mawu okopedwa pa intaneti, umene TRIM payokha siuchotsa. PROPER imaika chilembo chachikulu poyambira dzina lililonse. Koma chenjerani nayo pa mayina athu: Ng'oma imamusandutsa Ng'Oma, M'bwana n'kukhala M'Bwana. Amenewa muwakonze ndi manja.

Ntchito yeniyeni ili pa manambala. Nambala ya m'manja ya Airtel kapena TNM imakhala ndi manambala 9 mukachotsa 0 woyambirira kapena +265. Ndiye kaya inalembedwa bwanji, 9 omalizawo sasintha. Ija yopanda 0 nthawi zambiri si vuto la mlembi ayi: Excel ndi imene imadya 0 woyambirira poganiza kuti yapatsidwa chiwerengero cha masamu. Ngati manambala ali m'danga B, mu D2 lembani:

```
="0"&RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(B2," ",""),"-",""),9)
```

Apa mipata ndi timizere zachoka, 9 omaliza atengedwa, 0 wabwerera kutsogolo, ndipo mizere itatu ya bambo Phiri ija yonse ikuonetsa 0999000000. Njirayi ndi ya manambala a m'manja a ku Malawi okha. Kasitomala amene ali ku Joni, wa nambala yoyamba ndi +27, imudula mutu n'kumupatsa nambala yooneka ngati yakuno koma yabodza, choncho oterewa apatuleni kaye. Yotuluka ndi manambala osakwana 10 inalembedwa yoperewera, ndipo palibe fomula imene ingabweze nambala yosowayo. Afunseni eni ake akadzabwera.

Tsopano mu E2 lembani =COUNTIF(D:D,D2) kuti muone kuti nambala iliyonse yapezeka kangati. Sefani kuti patsale mizere yoposa 1, muisanje motsatira nambala kuti yofanana igundizane.

Pano m'pamene ambiri amapupuluma. Mu Excel muli batani la Remove Duplicates, ndipo limakopa chifukwa ntchito imatha m'kuphethira kwa diso. Koma limasunga mzere woyamba n'kufufuta enawo osafunsa. Ngati ngongole ya matumba awiri a feteleza inalembedwa pa mzere wachitatu, yapita. Choopsa kwambiri n'chakuti nambala kufanana sikutanthauza kuti munthu ndi mmodzi. M'midzi yambiri foni imodzi imatumikira banja lonse, ndipo ena amalembetsa nambala ya mwana wawo, ya mlamu kapena ya tcheyamani wa kalabu. Mukapeza nambala imodzi pa bambo Phiri ndi mayi Nabanda, mwina ndi mwamuna ndi mkazi wake, aliyense ndi munda wake komanso ngongole yake. Ine ndimaona kuti kufufuta mmodzi wa iwo n'kulakwa kwakukulu kuposa kusiya dzina litabwerezedwa.

Choncho mizere yobwerezedwayo iwerengedwe ndi maso. Phiri ndi Phili pa nambala imodzi, dzina loyamba limodzi, mudzi umodzi: ameneyo ndi munthu mmodzi, paja l ndi r timazisinthanitsa polemba, ndipo h wa mu Mphatso ena amamusiya. Sankhani kalembedwe ka pa chiphaso cha unzika ngati munakaona, phatikizani ngongole zake pa mzere umodzi, kenako fufutani inayo. Pamene mayina oyamba asiyana, siyani mizere yonse ndipo lembani pambali kuti foni ndi yobwerekana. Pokayikitsa, imbani foni mufunse.

Mukamaliza, koperani madanga C ndi D n'kuwamata ngati Values, apo ayi mukafufuta madanga akale mafomula aja adzangoonetsa #REF!. Danga la manambala liikeni pa Text kuti 0 asadyedwenso, ndipo uzani alembi onse kuti azifufuza kaye nambala ndi Ctrl+F asanalembe kasitomala watsopano.