Mgwirizano wa ogwira ntchito m'masamba atatu a kapitawo

Pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, funso la malipiro siliyambira kwa bwana wamkulu. Limayambira kwa kapitawo, m'munda momwemo. Koma mgwirizano umene abwana amasainirana ndi bungwe la ogwira ntchito umakhala chikalata chachitali, cha m'Chingerezi cha maloya. N'chifukwa chake ofesi yoona za antchito imaufupikitsa kukhala masamba atatu: la malipiro, la maola, ndi la kathetsedwe ka mikangano.

Tsamba loyamba limandandalika giredi iliyonse, malipiro ake enieni ndi tsiku limene ayamba kugwira ntchito. Maalawansi a nyumba kapena a usiku amalembedwa padera. Akasakanizidwa ndi malipiro enieni, kuwerengera ovataimu kumasokonekera, ndipo chizindikiro chake n'chakuti anthu awiri a giredi imodzi, ogwira maola ofanana, amalandira mosiyana.

Tsamba la maola ndiye lofuna chitsanzo. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Tiyerekeze kuti wina amalandira K8,000 pa tsiku la maola 8, kutanthauza K1,000 pa ola. Akapitiriza maola awiri patsiku lantchito, ola lililonse limalipidwa kamodzi ndi theka, ndiye apeza K3,000. Maola awiri omwewo pa tsiku lake lopuma kapena la tchuthi chaboma amalipidwa kawiri, K4,000. Wofupikitsa akangolemba kuti ovataimu ndi kamodzi ndi theka, ndiye kuti wamudyera munthu K1,000 asakudziwa. Ngati mgwirizano ukupereka zoposa za m'lamulo, papepala palembedwe za mumgwirizano.

Tsamba lachitatu limakhala ngati makwerero. Nthawi zambiri dandaulo limayambira kwa kapitawo, wodandaula ali ndi womuimira wa m'bungwe lake. Likakanika limapita kwa mkulu wa dipatimenti, kenako kwa abwana ndi atsogoleri a bungwe. Pa sitepe iliyonse palembedwe amene ayenera kuyankha ndi masiku amene ali nawo, ndipo pamveke ngati ndi masiku antchito okha kapena Lamlungu lomwe.

Kapitawo adziwenso pamene mphamvu zake zathera. Munthu sachotsedwa ntchito pa mlandu asanapatsidwe mwayi wofotokoza mbali yake. Lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito la 1996 limatumiza mkangano wokanika kwa oyanjanitsa kudzera ku Unduna wa Zantchito, ndipo wokhudza tanthauzo la mgwirizano umakathera kubwalo la milandu ya zantchito.

Kubwaloko chimene chimawerengedwa ndi mgwirizano weniweniwo, osati masamba atatuwo. Choncho mzere uliwonse ukhale ndi nambala ya ndime imene wachokera, ndipo a bungwe aone chidulecho chisanagawidwe. Mgwirizano watsopano ukasainidwa, mapepala akale atoleredwe onse, ngakhale omata pakhoma la ofesi yoyezera tiyi.