Kalata ya pansi pa pilo: ngongole za kubetcha zikafika pakhomo

Ngongole ya kubetcha siyamba kuonekera pa foni. Imayamba kuonekera kukhitchini ndi pa mita ya magetsi. Bambo amene ankagula mayunitsi a mwezi wonse tsiku lolandira amayamba kugula a K2,000, ufa umabwera wa walikimani, ndipo alandilodi akagogoda bambo amati "auzeni ndachoka." Mayi akafunsa, yankho limakhala lakuti malipiro achedwa. Kukambirana pakamwa kumathera m'phokoso chifukwa wina akubisa manyazi, wina akubisa mantha. N'chifukwa chake amayi ena amasankha kulemba. Kalata saidula pakamwa, ndipo mwamuna amaiwerenga ali yekha, popanda ana omuyang'ana.

Tiyerekeze banja la ku Chilinde ku Lilongwe. Bambo amalandira K450,000 pa mwezi msonkho utachoka, mayi amagulitsa zovala za kaunjika ndipo mwezi wabwino amapeza phindu la K120,000. Ali ndi ana awiri a pulayimale. Kalata ya mayi wotere ingayambe chonchi:

"Bambo a ana anga, ndalemba chifukwa tikamayankhula timangokwezerana mawu. Lachiwiri kunabwera munthu kudzakufunsani, ndipo anandiuza kuti munatenga K100,000 ya katapila. Lendi ya mwezi watha sitinapereke. Sindikukuwerengerani milandu ayi. Ndikungofuna kudziwa ngongole zonse, mpaka yaing'ono ya kwa mnzanu wa kuntchito, kuti tidziwe pamene taima. Simudzamva ndikuuza anthu kumpingo kapena kumsika. Koma ya mawa ikadzanditulukira kwa munthu wina, ndidzavutika kukukhulupiriraninso."

Onani kuti mayiyu sanayambe ndi kutukwana juga, ndipo sanafunse kuti "munaganiza bwanji." Wayamba ndi zimene waona ndi maso, watchula tsiku ndi ndalama, kenako wapempha chinthu chimodzi: mndandanda wa ngongole zonse. Pempho limeneli ndiye mutu wa kalata yonse. Bajeti yopangidwa ngongole ina ili yobisika imagwa mwezi woyamba womwe, chifukwa wobwereketsa wobisikayo amafika tsiku lolandira n'kutenga ndalama imene pa pepala inalembedwa kuti ndi ya chakudya. Ndipo munthu wobetcha amakumbukira bwino tsiku limene anawina K300,000, koma ma K1,000 amene ankaponya madzulo aliwonse samawawerenga. Choncho chikumbumtima chake chokha sichikwanira. Umboni uli mu mbiri ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndiponso mu akaunti yobetchera momwemo, mmene mumaoneka zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Akakhala pansi awiriwo n'kuphatikiza za miyezi itatu, nthawi zambiri amene amadabwa kwambiri ndi mwini wake wa foniyo.

Bambo ambiri amayankha kalata yotere ndi mawu odziwika: "Ndiwine kamodzi kokha, ndibweza zonse." Amanena moona mtima, koma masamu a kubetcha sagwirizana nawo. Taganizirani masewera amene zotsatira zake ndi ziwiri zokha ndipo mwayi ndi wofanana mbali zonse. Pakanakhala popanda phindu la kampani, woponya K1,000 akanalandira K2,000 akalondola. Koma kampani imaika 1.90, kutanthauza kuti alandira K1,900. Anthu awiri akaponya K1,000 aliyense mbali zosiyana, kampani yatolera K2,000, yalipira K1,900, yatsala ndi K100 posatengera timu imene yapambana. Ndi K5 pa K100 iliyonse, ndipo ikuoneka yochepa. Vuto limakula pa tikiti yaitali ija imene anthu amaikonda, ya magemu khumi, chifukwa kudulako kumachitika pa gemu iliyonse motsatizana. Pa magemu khumi otere, gawo la kampani limafika pafupifupi K40 pa K100 iliyonse. Tikiti imene imalonjeza mamiliyoni ndi yomwenso imadya kwambiri, ndipo "ndaphonya ndi gemu imodzi yokha" si chizindikiro chakuti munthu wayandikira. Kandege kaja, Aviator, kamangofulumizitsa nkhani: mpira umadikira mphindi 90, iko kamauluka n'kugwa m'masekondi, ndiye malipiro a mlungu angathe munthu asanatsike minibasi.

Tsono ikani masamu amenewo pafupi ndi a katapila. Wokongoza wa mayi wathuyu amafuna theka pamwamba mwezi uliwonse. K100,000 ikapanda kubwezedwa imakhala K150,000, kenako K225,000, mwezi wachitatu K337,500. Munthu akubwereka pa chiwongoladzanja chotere kuti akaponye kumene pa avereji amatsala ndi zochepa kuposa zimene waponya. Palibe luso la mpira limene lingatseke mpata umenewo.

Gawo lachiwiri la kalatayo ndi la bajeti, ndipo mayi wanzeru amayamba ndi kuika zake pa tebulo:

"Zanga za kaunjika ndiziikanso poyera, kope langa mudziliona. Zonse pamodzi ndi K570,000. Lendi K120,000, chakudya K210,000, magetsi, madzi ndi makala K60,000, thiransipoti K50,000, zosungira sukulu ya ana K40,000. Zikutsala K90,000. Ndikupempha kuti K70,000 izipita ku ngongole, ndipo aliyense wa ife azikhala ndi K10,000 ya m'thumba imene mnzake sadzafunsa kuti yapita kuti."

Kuika zake poyera kumachotsa chonena chakuti "ukufuna kundilamulira," kapena choopsa kwambiri chija chimene amuna amaopa kwa anzawo, chakuti anadyetsedwa khuzumule. Ndipo ka K10,000 ka m'thumba si kosewera. Munthu wamkulu amene ayenera kupempha ndalama yometera amayamba kubisa, ndipo kubisa ndi kumene kunabweretsa mavutowa. Ena angatsutse kuti kandalamako akakabetcheranso. Akhoza kutero ndithu. Kwa amene akutha kudziletsa, K10,000 yotayika siigwetsa nyumba. Koma kwa amene akangoyamba sangathe kusiya, ndalamayo ndi bwino isamakhale pa foni, izikhala ya m'manja, yoperekedwa pa mlungu.

K70,000 ija iyambe kupita kuti? Mtima umafuna kuyamba ndi amene akuchititsa manyazi kwambiri, monga mnzake wa kuntchito amene akufuna K60,000 yake. Koma ya mnzakeyo siikula, pamene ya katapila ikukula usiku ndi usana. Akamapereka K50,000 yokha pa mwezi, akungolipira chiwongoladzanja, ndipo K100,000 ija idzakhalapobe chaka chamawa. Akamapereka K70,000, mwezi woyamba pa K150,000 patsala K80,000. Imeneyo ikwera kufika K120,000, nkutsala K50,000. Mwezi wachitatu K75,000, nkutsala K5,000, ndipo wachinayi amaliza ndi K7,500. Zonse alipira K217,500 pa ngongole ya K100,000. N'zowawa, koma zili ndi mapeto. Ngati m'nyumba muli chinthu chogulitsika, kaya wailesi yaikulu kaya foni yodula imene amabetcherayo, kuchigulitsa mwezi woyamba kumadula miyezi ya chiwongoladzanja. N'zothekanso kupita kwa wokongozayo pamodzi ndi mboni kukapempha kuti chiwongoladzanja chiime, n'kulemberana masiku obwezera. Ena amavomera chifukwa aona ndalama yeniyeni m'manja. Alandilodi nawo auzidwe zoona: lendi ya mwezi uno ilipidwa pa tsiku lake, yotsalira ija iyamba kubwera katapila akatha.

Apa pali msampha umene amayi ambiri amagweramo chifukwa cha chikondi ndi manyazi. Amapita ku banki m'khonde, kumene ali ndi mbiri yabwino, n'kutenga ngongole m'dzina lawo kuti atseke ya bambo. Pa pepala zimaoneka zanzeru, popeza chiwongoladzanja cha kumeneko chimakhala chotsika kuposa cha katapila. Koma ngati kubetcha sikunaime, chimene chachitika n'chakuti bambo ayera kwa wokongoza uja ndipo akhoza kukatenganso ina, pamene mayi ndi amene amayi anzake adzabwera kudzamunyamulira mapoto ndi matilesi. Ine ndingati njira imeneyi idikire kaye mpaka padutse miyezi ingapo mbiri ya pa foni ili yoyera.

Bajeti yambiri imafera pa tsiku lolandira, osati pa pepala. Malipiro akagona usiku umodzi mu akaunti imene yalumikizidwa ku foni, ndipo usiku umenewo Manchester United ikusewera, mawa kulibe chogawa. N'chifukwa chake kalatayo imapitiriza motere:

"Tsiku limene malipiro alowa, tizichita zonse tsiku lomwelo tili limodzi. Lendi ipite kwa alandilodi, mayunitsi tigule a mwezi, thumba la chimanga lilowe m'nyumba, ya ngongole tikapereke tonse awiri n'kusainitsa m'kope. Ya sukulu tiike mu akaunti imene singatuluke popanda kusaina tonse. Lamulungu lililonse madzulo, ana akagona, tiziona kope kwa mphindi zochepa. Ndikupemphaninso kuti mutseketse akaunti yanu yobetchera, ine ndili pomwepo."

Kufufuta pulogalamu pa foni sikutseka akaunti, imabwerera pa mphindi imodzi. Chofunika ndi kupempha kampaniyo kuti imuletse mwini wake kubetcha, chinthu chimene makampani ambiri a ziphaso amalola. Amene amapereka ziphasozo ndi kuyang'anira makampaniwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, limene linabwera ndi lamulo la 2022 lophatikiza mabungwe awiri akale oona za juga ndi malotale. Komabe kutseka kumodzi sikutseka zonse. Mashopu ndi timatebulo tobetchera tili m'misika ndi m'madepoti, ndipo munthu angathe kubwereka foni ya mnzake. Zizindikiro zakuti wabwerera sizivuta kuona: mauthenga a ndalama ofufutidwa, simukadi yachiwiri, kukwiya pa nthawi yoona kope, kapena kubwera ndi nkhuku ndi zakumwa pakati pa mwezi popanda chifukwa chomveka. Kuwina kumeneko kumaopsa kuposa kuluza, chifukwa ndi kumene kumabwezeretsa chikhulupiriro.

Kalata yabwino imanenanso chimene chidzachitike zikakanika, ndipo imanena chokhacho chimene mayi angachitedi. "Ndikapezanso ngongole yobisika, ndidzaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi kope lathu m'manja." Ankhoswe akafika pa nkhani ya manambala olembedwa amavutika kuithetsa ndi "piriranani, ndi mmene banja limakhalira." Ngati bambo akufunadi kusiya koma akulephera, sakugona, kapena ayamba kunena mawu otaya moyo chifukwa cha ngongole, nkhaniyo yapitirira bajeti ndipo isadikire Lamulungu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a mavuto a maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya, ndipo chipatala cha boma chapafupi chingathe kulozera munthu koyenera. Kumene mwamuna amamenya, kapena amalanda mpamba wa bizinesi ya mkazi mokakamiza, kalata isaperekedwe mayi ali yekha m'nyumba. Lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja limawerenganso nkhanza za pa chuma, ndipo nkhani zotere amazilandira ku ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.