Kunola chithunzi ndi Unsharp Mask: zintchito za Radius, Amount ndi Threshold

Pali zithunzi zina zaukwati zimene ukaziona umadziwiratu kuti wojambula anachita kuzikokomeza pa kompyuta. Mkwati wavala suti yakuda, koma m'mbali mwa mapewa ake mwazungulira kamzere koyera kamene kunalibe tsiku laukwatilo. Nkhope ya mkwatibwi yadzaza timadontho, ndipo tsitsi lake likuoneka louma gwa. Kawirikawiri zimenezi zimachitika munthu akagwiritsa ntchito molakwika chida chotchedwa Unsharp Mask, chimene chimapezeka mu Photoshop, mu GIMP ndi m'mapulogalamu ena ambiri okonzera zithunzi.

Chofunika kuchimvetsa poyamba n'chakuti chidachi sichiwonjezera kanthu kamene kamera sinagwire. Chimangofuna malire, pamene mbali yowala yakumana ndi mbali yakuda, n'kuwalitsa pang'ono mbali yowalayo, kwinaku chikudetsa pang'ono mbali yakudayo. Ndi nzeru yomwe ija ya olemba zikwangwani za magolosale: akalemba zilembo zachikasu amazizunguliza kamzere kakuda, ndipo zilembozo zimaoneka bwino uli patali ngakhale kukula kwake sikunasinthe. Diso likaona malire osiyana kwambiri limakhulupirira kuti chithunzicho n'chakuthwa. N'chifukwa chake chithunzi chimene chinatuluka chambuu chifukwa dzanja linagwedezeka, kapena lenzi inaloza pa khoma m'malo mwa nkhope, sichingachire ndi Unsharp Mask. Mungakankhe manambala mpaka kumapeto, chidzangokhala chithunzi chambuu chokhala ndi mizere yonyansa.

Njirayi inayamba makompyuta asanabwere, m'zipinda zamdima zotsukira mafilimu, pamene ankasanjikiza filimu ndi kope lake lopangidwa dala kuti likhale losaoneka bwino. Kompyuta imachita zomwezo ndi masamu. Imatenga chithunzi chanu, imapanga kope lambuu, imaona kusiyana kwa ziwirizi, kenaka kusiyanako imakuwonjezera pa chithunzi choyamba chija:

```
chatsopano = choyamba + (choyamba - chambuu) x Amount
```

Tiyeni tiike manambala. Pa chithunzi wamba, kuwala kwa pikiseli iliyonse kumawerengedwa kuyambira 0, kumene ndi kuda bii, mpaka 255, kuyera mbee. Tinene kuti jekete lili pa 100 ndipo khoma la kumbuyo kwake lili pa 160. M'kope lambuu lija mitundu iwiriyi imalowererana pamalire, choncho pikiseli ya khoma yoyandikana ndi jekete imatsika kufika, tinene, pa 145, ndipo ya jekete imakwera kufika pa 115. Kusiyana kwake ndi 15 mbali iliyonse. Amount ikakhala 100%, ya khoma ija imakhala 175, ya jekete 85. Pamene panali kusiyana kwa 60 tsopano pali 90. Mukaika 200%, zimakhala 190 ndi 70. Kutali ndi malire, pakati pa khoma, kope lambuu ndi choyamba zimafanana, ndiye palibe chimene chimasintha.

Kamzere koyera ka pamapewa a mkwati ndi 175 kapena 190 ameneyu. Si ngozi ayi, ndi mmene chidachi chimagwirira ntchito. Kamzereka kamakhalapo nthawi zonse, luso lagona pokachepetsa kuti diso limve kuthwa koma lisakaone.

Apa ndi pamene Radius imakhala yofunika kuposa zinzake ziwiri, ngakhale kuti ambiri amathamangira Amount. Radius imanena kuti kope lija likhale lambuu motani, ndipo zotsatira zake n'zakuti ndiyo imalamula kunenepa kwa kamzere ka pamalire. Imawerengedwa m'mapikiseli. Ikakhala yaing'ono, monga 0.5, kamzereko kamakhala kopyapyala, koyenera tinthu ting'onoting'ono ngati tsitsi, nsidze, udzu ndi maluwa a pa chitenje. Ikafika pa 4 kapena 5, kamzereko kamafalikira, tinthu tating'ono timamezedwa, ndipo munthu amaoneka ngati anachita kumudula ndi sizasi n'kumumata pa chithunzicho. Dziwaninso kuti kusinthako kumafika patali kuposa nambala imene mwalemba: Radius ya 1 imakhudza mapikiseli angapo mbali iliyonse ya malire, osati imodzi yokha.

Palibe Radius imodzi yoyenera zithunzi zonse, chifukwa pikiseli ilibe kukula kokhazikika. Pa sikirini ya kompyuta pikiseli ndi yaikulu ndithu moti diso limatha kuiona. Pa pepala lotsukidwa pa mapikiseli 300 pa inchi, pikiseli imodzi siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Ndiye chithunzi chopita pa Facebook, chimene mwachichepetsa kufika mapikiseli 1200 kapena 1600 m'litali, chimafuna Radius ya pakati pa 0.3 ndi 0.8. Chopita kukatsukidwa chimafuna ya pakati pa 1 ndi 2. Okonza zithunzi zosindikiza ali ndi kalamulo kakale kongoyambirapo: gawani mapikiseli a pa inchi ndi 200. Pa 300 mupeza 1.5.

Amount ndi yosavuta: ndi mphamvu ya kuwalitsa ndi kudetsa kuja. Mu Photoshop imalembedwa m'maperesenti mpaka 500, pamene mu GIMP 100% imalembedwa 1.0, ndiye 0.5 ndi 50%. Imayenda mosinthana ndi Radius. Radius ikachepa, Amount ikhoza kukwera; Radius ikakula, Amount iyenera kutsika.

Threshold ndi imene oyamba kumene amaisiya pa 0 osadziwa ntchito yake, chonsecho ndi imene imapulumutsa nkhope za anthu. Kompyuta siidziwa kuti apa ndi diso, apa ndi chiphuphu. Paliponse pamene mapikiseli oyandikana asiyana, kwa iyo ndi malire. Khungu silikhala losalala ndendende, ndipo chithunzi chojambulidwa m'tchalitchi kapena mu holo ya magetsi ochepa chimakhala ndi timadontho tochokera mu kamera momwemo, makamaka m'mbali zakuda. Threshold ili pa 0, zonsezi zimanoledwa limodzi ndi maso. Mukaika pa 4, mwauza pulogalamuyo kuti pamene kusiyana sikunafike pa 4 isakhudzepo. Pikiseli ya pa tsaya imene yangosiyana ndi zinzake ndi 2 imasiyidwa, koma malire a jekete ndi khoma aja amanoledwa. Mu Photoshop nambalayi imayambira pa 0 mpaka 255, koma ntchito yeniyeni imachitika pakati pa 0 ndi 10. Mu GIMP 2.10 imayambira pa 0 mpaka 1, choncho 4 ya mu Photoshop ili pafupi ndi 0.015 kumeneko. Mukaikweza mopitirira, chithunzi chimakhala chamawangamawanga, pena pakuthwa pena pofewa, ndipo zimenezi zimanyansa kuposa timadontho tija.

Tsopano titenge chithunzi chenicheni. Mkwati ndi mkwatibwi aimirira pa khomo la tchalitchi, kumbuyo kuli thambo, ndipo banja likufuna chitsukidwe pa mainchi 8 kwa 12. Yambani mwamaliza zonse: kudula, kukonza kuwala ndi mitundu, kuchotsa zosafunika. Kenaka chichepetseni kufika pa mapikiseli 2400 kwa 3600, amene ndi 300 pa inchi. Kunola kumabwera pomalizira penipeni, chifukwa mukanola musanachepetse, timizere tija timaphwanyika pochepetsapo, ndipo mukadzawonjezera kusiyana kwa kuwala pambuyo pake timakula. Sungani chithunzi choyambirira padera, munole kope.

Ikani chithunzi pa 100%, kuti pikiseli imodzi ya chithunzi igwere pa pikiseli imodzi ya sikirini. Pa kukula kwina monga 33% pulogalamu imasakaniza mapikiseli ndipo zimene mukuona sizoona. Mu Photoshop pitani pa Filter > Sharpen > Unsharp Mask. Mu GIMP ndi Filters > Enhance > Sharpen (Unsharp Mask). Lozani pa maso a mkwatibwi. Ikani Threshold pa 0, ndipo Amount muikweze dala kufika pa 300% kuti muone bwino zimene Radius ikuchita. Yambani pa 0.5 n'kumakwera pang'onopang'ono. Pa 1 nsidze ziyamba kuoneka imodziimodzi. Cha pa 1.5 nsalu yamaluwa ya diresi idzaoneka bwino. Mukafika pa 2.5 mudzaona nsidze zikunenepa n'kuyamba kugwirana, apo mwapitirira, bwererani pa 1.3 kapena 1.5. Mukatero tsitsani Amount mpaka kamzere koyera kazimiririke. Pa chithunzi chotere zimathera cha pa 100% mpaka 130%. Pomaliza yang'anani tsaya ndi suti yakuda ija, n'kukweza Threshold kuyambira 1, 2, 3, mpaka timadontho tibwerere mmene tinalili. Nthawi zambiri 3 kapena 4 imakwana.

Musadine OK musanayendere malo awiri. Oyamba ndi phewa la mkwati pamene lakumana ndi thambo, chifukwa pamene kusiyana kunali kwakukulu kale ndi pamene kamzere kamayamba kuonekera. Achiwiri ndi diresi loyera. Ngati nsaluyo inali kale pa 240, kuwonjezera 20 kukuipititsa pa 255, ndipo kupitirira pamenepo kulibe: ulusi wa maluwa aja umasanduka choyera chopanda kanthu. Mukaona zimenezo tsitsani Amount. Mukaonanso timizere tofiira kapena tobiriwira m'mbali mwa zinthu, mu Photoshop pitani pa Edit > Fade Unsharp Mask mukangomaliza kunola, musankhe Luminosity, kuti kunolako kukhudze kuwala kokha osati mitundu.

Chithunzi chokatsukidwa chiyenera kuoneka chakuthwa mopitirirako pang'ono pa sikirini, chifukwa pepala limafewetsa. Ineyo ndimaona kuti n'kwanzeru kudula kachigawo ka nkhope ndi phewa n'kukatsukitsa kaye pa kapepala kakang'ono, kukula kwa mapikiseli osakusintha, kusiyana n'kuwononga ndalama pa chachikulu. Funsaninso kumene mukutsukitsako ngati makina awo amanola okha, chifukwa ena amatero, ndipo kunola kawiri ndiye kumabala timizere tija.

Zithunzi za pa foni muzichenjera nazo pa chifukwa chomwechi. Foni imanola chithunzi isanachisunge n'komwe, ndipo mukachikulitsa pa 100% mudzapeza kamzere koyera kali kale m'mbali mwa denga kapena waya wa magetsi. Chimene chadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba ndiye chachepetsedwa ndi kupanikizidwa, ndipo chili ndi timabokosi tosaoneka bwino tomwe Unsharp Mask imationetsa poyera. Wina akakutumizirani chotere kuti mumukonzere, m'pempheni atumizenso choyambiriracho ngati Document. Akakhala kuti alibe, chepetsani Amount kufika pa 40% kapena 50%, Radius isapitirire 0.8, Threshold ikwere cha pa 5 kapena 6, ndipo musachitsukitse chachikulu.