Bulande, wisiki ndi ramu: nkhani yagona pa komwe shuga wachokera

Mukathira bulande, wisiki ndi ramu m'matambula atatu n'kuwaika pathebulo, ambiri sangathe kuloza kuti uyu ndi uyu. Mowa wonsewu ndi wofiirira, ukali wake ndi wa 40 peresenti kapena kupitirirako pang'ono, ndipo wonse ndi wotcheza, monga kachasu. Komabe opanga ake ndi alimi atatu osiyana: wina amalima zipatso, wina mbewu za m'gulu la chimanga ndi barele, wina nzimbe. Mowa uliwonse umabadwa yisiti akadya shuga, choncho funso loyamba pa botolo lililonse ndi lakuti shugayo anachokera kuti. Wa bulande amachokera m'chipatso, ndipo zambiri za fungo lake, kakomedwe kake ngakhale zoopsa zake zimayambira pomwepo.

Kuti tione bwino mmene ntchitoyi imayendera, tiyeni tipite ku Cognac, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Charente kumadzulo kwa France, kumene kumachokera bulande wotchuka wotchedwa konyaki. Pafupifupi minda yonse ya kumeneko ili ndi mphesa zoyera za mtundu umodzi, Ugni blanc. Amazithyola cha mu Seputembala ndi Okutobala, n'kuzifinya tsiku lomwelo, ndipo madziwo amawira kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono mpaka shuga yense atha. Vinyo amene amatuluka sakoma pakamwa. Ndi wowawasa, wopepuka, ukali wake 9 peresenti kapena kuzungulira pamenepo.

Kuwawasako n'kumene wotcheza amafuna. Opanga vinyo wakumwa amathiramo mankhwala a salifa kuti asaonongeke, koma ku Cognac zimenezo n'zoletsedwa, chifukwa moto ungakokere salifayo m'mowa n'kuupatsa fungo lotsamwitsa. Ndiye chimene chimateteza vinyoyo ndi asidi wake yemwe pamodzi ndi kuzizira kwa nyengo yachisanu. N'chifukwa chake lamulo limati kutcheza konse kuzikhala kutatha pofika pa 31 Malichi, kunja kusanayambe kufunda. Kupepuka kwa vinyoyo nakonso kuli ndi phindu: pamene mowa uli wochepa m'vinyo, pamafunika vinyo wambiri kuti papezeke lita imodzi ya bulande, motero fungo la mphesa zambiri limaunjikana m'lita imodziyo.

Kutcheza kumadalira mfundo imodzi yosavuta. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene mowa umawira pa madigiri 78. Vinyo akatenthedwa pang'onopang'ono, nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi mowa wambiri kuposa vinyo wotsala pansi. Nthunziyo imadutsa pakhosi lopindika la mphika, n'kulowa m'paipi yozungulirazungulira yomizidwa m'thanki ya madzi ozizira, ndipo imatulukira kunsi ngati madontho. Mphika wa ku Cognac ndi wamkuwa ndipo umakhala pamoto weniweni, masiku ano wa gasi. Mkuwa saugwiritsa ntchito pofuna kukongola. Umagawa kutentha mofanana, komanso umagwira tinthu ta salifa timene yisiti amasiya, timene tikanachititsa mowa kununkha ngati dzira lovunda.

Tiyerekeze kuti tili ndi malita 1,000 a vinyo wa 9 peresenti. M'menemo muli malita 90 a mowa weniweni, otsalawo ndi madzi, asidi ndi zina. Ulendo woyamba pamoto umatenga maola pafupifupi 12 ndipo umatulutsa malita pafupifupi 300 a madzi otuwa a ukali wa 30 peresenti. Ameneyu sanafike pokhala bulande. Amabwezedwanso mumphika ulendo wachiwiri, ndipo apa ndi pamene luso la wotcheza limaonekera, chifukwa madontho otuluka safanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Oyambirira, amene otcheza kachasu kwathu kuno amawatchanso mutu, ndi aukali kwambiri ndipo amanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Malita ochepa amenewa amaikidwa padera. Kenako pamabwera mtima, woyera mbee, wa fungo la maluwa ndi zipatso, ndipo umenewu wokha ndi umene umasungidwa. Wotcheza amakhala akuyeza ukali ndi kachipangizo koyandama, kwinaku akununkhiza. Ukali wa madontho ukatsika kufika cha pa 60 peresenti amatembenuzira paipi kwina, pakuti zimene zikubwera tsopano zayamba kulemera, ndipo kumapeto kwenikweni kumatuluka mchira wamafutamafuta wonunkha ngati nsalu yonyowa. Zopatulidwazi sazitaya, amazibwezera mumphika ulendo wotsatira. Akafulumira kudula, bulande amakhala woyera koma wopanda thupi. Akachedwa, fungo la mchira silidzachokanso ngakhale mowawo ukhale mumgolo zaka makumi awiri.

Pa malita 1,000 aja, mtima umakwana malita 100 kapena kupitirirako pang'ono, wa ukali wa pafupifupi 70 peresenti. Lamulo limaika malire a ukali umenewu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mowa ukatchezedwa mpaka kufika pa 95 peresenti umataya fungo la kumene unachokera, n'kungokhala mowa wopanda dzina.  Mphika umasonkhanitsa zimene zinali kale m'vinyo, zabwino ndi zoipa zomwe. Mphesa zikakhala zoola kapena vinyo akayamba kusanduka viniga, cholakwikacho chimatuluka chitakula.

Mowa wochoka mumphika ulibe mtundu. Kufiirira kumachokera m'migolo ya mtengo wa oki, makamaka wa m'nkhalango za Limousin ndi Tronçais, imene mkati mwake amaiwaula ndi moto poipanga. Thabwa limapatsa mowa mtundu ndi fungo ngati la vanila, ndipo mpweya wolowa pang'onopang'ono m'timabowo ta thabwalo umafewetsa ukali wobaya pakhosi. Nawo mowa umathawira kunja kudzera momwemo, pafupifupi 2 peresenti chaka chilichonse, moti makoma a nyumba zosungiramo migolo ku Cognac ndi akuda bii ndi nkhungu imene imadya nthunzi ya mowayo. Pa zaka khumi, malita 100 aja amakhala atatsala pafupifupi 80. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bulande wokhalitsa amakwerera mtengo.

Pomaliza amasakaniza mowa wa m'migolo yosiyanasiyana, n'kumathiramo madzi oyera pang'onopang'ono mpaka ukali utsike kufika pa 40 peresenti. Zilembo za pabotolo zimanena zaka za mowa wocheperapo msinkhu mwa yonse yosakanizidwayo: VS ndi zaka 2, VSOP zaka 4, ndipo XO ndi zaka 10 kuyambira mu 2018. Mtundu wokha usakunyengeni, chifukwa lamulo limalola kuthiramo shuga wopsereza pang'ono kuti mabotolo onse aoneke mofanana. Kudera kwa mowa si umboni wa ukalamba wake.

Mphesa si chipatso chokhacho. Ku Normandy amatcheza vinyo wa maapozi, ku Serbia wa maplamu, ku Germany ndi Switzerland wa matcheri. Ku South Africa, kumene bulande wa mphesa anayamba kutchezedwa mu 1672, alimi amatchezanso mapichesi ndi mfula. Kachasu wa masau wa m'chigwa cha Zambezi ndi Shire ali m'banja lomweli malinga ngati shuga wake wachokeradi m'chipatsocho. Zipatso zoterezi zili ndi vuto lake. Makoko ndi mnofu wake zili ndi pekitini wambiri, chinthu chimene chimalimbitsa jamu, ndipo pekitini akamasweka pa nthawi yowira amatulutsa methanolo, poizoni amene amaononga maso. Kutaya mutu kumachotsa fungo loipa koma sikuchotsa methanolo yense, ndipo mphuno singamuzindikire. Amapezeka ndi makina a mulabotale basi, n'chifukwa chake maiko amaika malire a kuchuluka kwake m'mowa wogulitsidwa. Nthanga za mapichesi, maplamu ndi matcheri nazonso siziyenera kuswedwa pofinya, chifukwa mkati mwake muli chinthu chimene chimasanduka sayanayidi.

Wisiki amayambira patali kuposa pamenepa. M'njere za barele, chimanga kapena tirigu mulibe shuga woti yisiti n'kudya, muli sitachi. Choncho ku Scotland amayamba anyika barele, n'kumusiya kuti amere, kenako n'kumuumitsa. Chimenechi ndi chimera, chofanana ndi chimene amayi amakonza pofulula thobwa kapena masese. Chimeracho amachipera n'kuchisakaniza ndi madzi otentha kuti sitachi asanduke shuga, ndipo madzi otsekemerawo ndi amene amawira n'kukhala ngati mowa wamba, umene kenako amautcheza. Kununkhira kwa utsi kumene kumamveka mwa wisiki wina kumabwera poumitsa chimera ndi utsi wa piti, dothi lakuda la zomera zoolerana la m'madambo a kumeneko. Wisiki wa ku Scotland ayenera kukhala mumgolo wa oki zaka zosachepera 3, pamene babani wa ku America ayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51 peresenti ndipo amasungidwa m'migolo yatsopano yopsereza mkati.

Ramu ndi mwana wa nzimbe. Fakitale ikaphika madzi a nzimbe n'kuchotsa shuga wa mchengamchenga, pamatsala molasisi, madzi akuda a phalaphala amene akadali ndi shuga wambiri. Amawasungunula ndi madzi, n'kuthira yisiti, n'kutcheza. Umu ndi mmene ramu anayambira m'minda ya nzimbe ya ku Barbados ndi zilumba zina za ku Caribbean m'zaka za m'ma 1600, pa thukuta la akapolo ochokera ku Africa. Ku Martinique amagwiritsa ntchito madzi a nzimbe ongofinyidwa kumene, ndipo ramu wake amanunkhira ngati udzu wauwisi. Molasisi wa ku Dwangwa ndi Nchalo nayenso amatchezedwa, koma mpaka kufika pa ukali wapamwamba wopanda fungo, ndipo wina amasakanizidwa ndi petulo. Ngakhale amachokera ku nzimbe, ramu wongotchezedwa kumene satsekemera, poti shuga sakwera ndi nthunzi. Akamatsekemera ndiye kuti wathiridwa shuga pambuyo pake.

Pali kusiyana kwinanso kumene kumakhudza ntchito yonse. Barele ndi molasisi zimasungika, choncho wopanga wisiki kapena ramu angathe kutcheza chaka chonse. Wopanga bulande ali ndi nyengo imodzi yokha, ndipo matalala kapena chisanu zikaononga mphesa, chaka chimenecho chapita.

Pogula, werengani mawu ang'onoang'ono a pabotolo. Ku South Africa, mwachitsanzo, bulande wosakaniza amangofunika kukhala ndi 30 peresenti ya mowa wa mumphika wokhala zaka 3 mumgolo, ndipo wotsalawo ungakhale mowa wa vinyo wosagonekedwa. Palinso zakumwa zotchipa zimene ndi mowa wa nzimbe wopanda fungo wothiridwa mtundu ndi zonunkhiritsa kuti ufanane ndi bulande. Botolo limene silikunena chipatso chimene mowa wachokera, kumene wapangidwira ndi ukali wake, silinakuuzeni chimene mukumwa.