Mndandanda usanduke tchati cha mivi, mwana wa chibayo asachedwe

Pakhoma la kiliniki ya m'mudzi pakhoza kulembedwa mizere inayi yokhudza mwana amene akutsokomola: werengani mpweya, perekani amokisilini ngati akupuma mofulumira, onani zizindikiro zoopsa, tumizani kuchipatala ngati wadwalika. Zonsezi n'zoona, koma mndandanda wotere suuza mlangizi wa zaumoyo poyambira ndi polekezera. Woutsatira mzere ndi mzere akhoza kupereka mankhwala kwa mwana amene amayenera kuthamangira naye kuchipatala.

Kuti mndandandawu ukhale tchati cha mivi, choyamba sakani paliponse pamene pali "ngati". Pamenepo pali mphambano, ndipo payenera kukhala funso loyankhidwa ndi Inde kapena Ayi basi. "Ngati wadwalika" si funso labwino, chifukwa aliyense amaweruza mwakemwake. Malangizo a Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse amatchula zinthu zooneka ndi maso: mwana akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena walefukiratu moti sakudzuka.

Chachiwiri, funso la moyo ndi imfa likhale patsogolo, ndipo bokosi lililonse lipatsidwe nambala. Funso 1: kodi pali chimodzi mwa zizindikirozi, kapena m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati mwana akamakoka mpweya? Muvi wa Inde ukuloza kutumiza mwana kuchipatala msanga. Wa Ayi ukupita ku Ntchito 2, kuwerenga mpweya mphindi imodzi yathunthu mwana ali phee, sakulira.

Mawu oti "mofulumira" abisa mafunso awiri, pakuti malire amadalira msinkhu. Funso 3: kodi mwana wakwanitsa miyezi 12? Ngati ayi, ndipo wakwanitsa miyezi iwiri, malire ndi 50 pa mphindi kapena kuposerapo. Ngati inde, kufikira zaka zisanu, malire ndi 40 kapena kuposerapo. Funso 4: kodi mpweya wafika pamalirewo? Inde ikuloza ku amokisilini ndi tsiku lobweranso, pomwe Ayi ikuloza kusamalira chifuwa kunyumba popanda mankhwalawa.

Tchati chikatha chiyesedwe. Tengani mwana wa miyezi 14 wopanda chizindikiro choopsa, amene akupuma maulendo 44. Pa Funso 3 ndi Inde, malire ndi 40, choncho alandire mankhwala. Wa miyezi isanu ndi itatu amene akupumanso maulendo 44 sanafike pa 50, ndiye njira yake ndi ina. Nanga khanda la masabata atatu? Likasowa muvi wolitenga, tchaticho chili ndi mpata, ndipo pamwamba penipeni pafunika funso lina lotumiza kuchipatala khanda lodwala losakwana miyezi iwiri.

Inu amene mumalemba malangizo, musapachike tchati musanatsatire muvi uliwonse ndi chala mpaka pothera pake.