MAZENERA NDI AKALIROLE: CIFUKWA NINJI MIZERE IMATSALA?

Ambiri a inu mwaonapo ici: mai atsuka zenera ndi mphamvu zace zonse, ndi sopo wambiri ndi madzi oyera, koma m'mawa mwace dzuwa likawomba pa galasilo, pamaoneka timizere totuwa ngati momwe mwayenda nkhono. Pamenepo ena amadzudzula nsanza, ena amadzudzula mwana amene anatumidwa. Koma kawirikawiri dothi lakale linacoka ndithu. Mizereyo ndi zinthu zimene zinali m'madzi otsukira omwewo, ndipo zinatsala pa galasi pamene madzi anauma.

Madzi amene timamwa sali okha. Poyenda pansi pa nthaka amasungunula miyala pang'ono pang'ono, makamaka mwala wa laimu, nautenga. Maso sauona, pakuti wasungunuka monga mcere mu ndiwo. Koma yang'anani m'kati mwa ketulo yakale, mudzapeza cikhungu coyera colimba cakangamira pansi. Ameneyo ndiye laimu. A ku Lusaka amacidziwa bwino cikhunguci, cifukwa mzindawo unamangidwa pamwamba pa miyala yotere, ndipo madzi ace ambiri acokera m'zitsime zakuya. Tsono dontho liri lonse la madzi likauma pa galasi, madzi okha ndiwo amacoka; laimu alibe mapiko, amatsala pompo. Nsanza ikasiya madzi m'mizere, laimunso amatsala m'mizere.

Sopo amaonjeza bvutoli. Sopo wa mtanda akakomana ndi laimu wa m'madzi, ziwirizo zimagwirana ndi kupanga litsiro lonona losasungunuka, lomwe lija limatsala m'mbali mwa beseni mukatha kusamba. Pa galasi litsiroli limapakika ngati mafuta, ndipo mukalipukuta limangosendera kwina. Cotero iye amene acurukitsa sopo pofuna kuti zenera liwale, ndiye amene adzaona mizere yambiri.

Apa ndipo viniga athandiza. Viniga wa m'sitolo ndi madzi okhala ndi asidi wofatsa, monga magawo 5 mwa magawo 100, ndipo asidi amasungunula laimu. Mungathe kudzionera nokha: ikani cikamba ca dzira m'kapu, thiranimo viniga, ndipo posacedwa mudzaona timathobvu tikutuluka pa cikambaco. Comweco cimacitika pa madontho oyera a pa zenera, ndiponso viniga amamasula litsiro lija la sopo. Ubwino wace wina ndi wakuti asidi wa viniga woyera amauma pamodzi ndi madzi osasiya kanthu, ndipo fungo lace limatha msanga. Gulani woyerayo, wofiirira uja msiyireni ophika.

Koma tisamtame mopitirira. Viniga alibe mphamvu yeniyeni pa mafuta. Zenera la m'cipinda cophikira, limene lamwa utsi wa mbaula ndi nthunzi ya saladi kwa miyezi itatu, silidzayera ndi viniga yekha. Limafuna sopo poyamba.

Tiyeni titenge zenera lotere, la magalasi asanu ndi limodzi m'cimango ca citsulo, monga tiwaona m'nyumba zambiri za ku migodi, ndipo tinene kuti ndi mwezi wa Ogasiti, pamene mphepo iulutsa fumbi ponseponse. Sankhani nthawi imene zenera liri mu mthunzi, m'mamawa kapena madzulo. Likhudzeni ndi dzanja. Ngati latentha, dikirani, pakuti galasi lotentha limaumitsa madzi inu musanawapukute.

Coyamba cotsani fumbi. Sesani cimango ndi kaburashi, ndipo kunjako thirani madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha. Musathamangire kupukuta galasi lafumbi ndi nsanza youma. Timcenga ta m'fumbi tambiri n'tolimba koposa galasi, ndipo mukatikhuta timalemba tizipsera tosafafanizika. Zenera locitidwa cotero caka ndi caka limacita cimbuuzi, ndipo palibe viniga angalicize.

Kenaka tengani madzi ofunda theka la ndowa, muikemo sopo wamadzi wotsukira mbale madontho atatu kapena anai basi. Ngati thobvu ladzaza ndowa, mwacurukitsa. Tsukani mwaye ndi mafuta, makamaka m'ngondya, ndipo tsukuluzani ndi madzi oyera. Tsopano sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi makapu anai a madzi. Viikani nsanza yoyera, ifinyeni kuti isadonthe, pukutani galasi limodzi lokha kuyambira kumwamba, ndipo nthawi yomweyo liumitseni ndi nyuzipepala. Litatha limenelo ndipo mupite pa laciwiri. Amene anyowetsa magalasi onse asanu ndi limodzi pamodzi, pofika pa lacitatu apeza otsalawo auma kale okha, mizere ili mbuu.

Nanga nyuzipepala ili ndi mankhwala anji? Anthu ena amati inki ndiyo iwalitsa galasi, koma mphamvu yace yeniyeni ili m'pepala. Pepala la nyuzi limamwa madzi msanga, pamodzi ndi zonse ziri m'madzimo. Silisiya timaubweya monga icitira nsanza ya thonje yakutha. Ndiponso liribe sopo kapena mafuta, pamene nsanza ya m'nyumba inacapidwa ndi sopo, kapena dzulo lace inapukuta thebulo lodyera. Likhwinyateni likhale ngati mpira, ndipo likanyowa litayeni mutenge lina. Pepala lonyowa limangobwezera madzi pa galasi. Mapepala osalala onyezimira a m'magazini sathandiza, cifukwa samwa madzi. Cenjeraninso kuti inki imadetsa manja ndi utoto woyera wa pa cimango. Amene ali ndi campira cokokera madzi, conga ca pa galasi la galimoto, acigwiritse nchito, pakuti cimacita comweco: kucotsa madzi asanaume.

Pali kanzeru kena kocepa. Kunja pukutani kucokera kumwamba kunka pansi, m'kati pukutani copingasa. Mzere ukatsala, kumene walunjika kudzakuuzani mbali imene uli, ndipo simudzazungulira nyumba kawiri pacabe. Ngati pali madontho oyera okhakhala osacoka, monga pa zenera la pafupi ndi mpope, sakanizani viniga ndi madzi mofanana, nyowetsani pepala, limatikeni pamenepo mphindi khumi, ndi kupukuta. Akakana ngakhale mutabwereza kawiri katatu, ndiye kuti galasi lenilenilo linadyeka, ndipo musadzibvute nalo.

Kalirole afuna cisamaliro cina. Cimene cimationetsa nkhope zathu si galasi ai, koma citsulo copyapyala kwambiri, kawirikawiri siliva, copakidwa kuseri kwace ndi kuphimbidwa ndi utoto. Madzi akayenderera kufika m'mphepete mwa pansi, amalowa kuseri, ndipo asidi amadya silivayo. Ndico ciyambi ca mawanga akuda aja a m'mbali mwa akalirole akale, amene sacoka ndi kutsuka. Cifukwa cace musathire madzi kapena viniga pa kalirole mwini. Nyowetsani nsanza pang'ono cabe, pukutani, umitsani, ndipo tsirizani ndi kupukuta m'mphepete.

Mau amodzi a cenjezo: viniga asasakanizidwe konse ndi mankhwala oyeretsera zobvala, aja a fungo la klorini. Ziwirizi zikakomana zimatulutsa mpweya woipa wopweteka maso ndi mapapo, ndipo m'kacipinda kosambira kotsekedwa ungathe kumgwetsa munthu. Ndowa imene munali mankhwalawo muitsukuluze bwino musanathiremo viniga. Ndipo mukatha nchito, pukutani cimango ca citsulo ciume, pakuti madzi a viniga otsala m'ngondya amafulumiza dzimbiri.