Rauta Pabalaza, Masewera Kuchipinda: Chingwe Kapena Wayifayi?

Rauta ili pabalaza. PlayStation ili kuchipinda chakumapeto, kuseri kwa makoma atatu a njerwa zootcha. Mnyamata akusewera mpira pa intaneti, wapeza mpata, wadina batani kuti amenye, koma wosewera wake wangoima njii, ndipo pomwe akudzidzimuka mpira uli kale kumapazi kwa mdani. Zikatere ambiri amathamangira kugula bandulo yaikulu, chonsecho vuto nthawi zina lili m'nyumba momwemo.

Masewerawa sadya deta yambiri. Chomwe amafuna n'chakuti timauthenga ting'onoting'ono tizipita n'kubwerera msanga, mosadukizadukiza. Nthawiyo imayezedwa m'mamilisekondi, ndipo 1,000 amakwana sekondi imodzi.

Wayifayi imapunthwa pamenepa. Ya 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Ya 2.4 GHz imafika patali, koma imalimbirana mpata ndi marauta a aneba komanso mafoni a m'nyumba. Uthenga ukatayika m'njira umatumizidwanso, ndipo kamphindi kameneko ndi komwe kamaimitsa wosewera uja. Mwini PS4 yoyamba ya 2013 alibe n'chosankha chomwe, chifukwa imangogwira 2.4 GHz basi.

Kuti munthu adziwe pomwe pali vuto, aike laputopu pambali pa makina a masewerawo, ailumikize pa wayifayi, n'kulemba izi pa Windows:

```
ping -n 50 192.168.1.1
```

Nambalayo ndi adiresi ya marauta ambiri. Ena ali ndi ina, yomwe kawirikawiri imalembedwa kunsi kwake. Mayankho akamabwera monga 3, 4, 180, 5, kenako `Request timed out`, wolakwa ndi wayifayi. Akakhala otsika komanso ofanana, vuto lili kunja kwa nyumba, ndipo chingwe sichingafupikitse mtunda wopita ku seva.

Pa chingwe, mayankho amakhala pafupifupi milisekondi imodzi, mosasinthasintha. Cha Cat5e kapena Cat6 chimagwira bwino mpaka mamita 100, kotero mamita 20 odutsa kudenga kapena m'mbali mwa khoma si kanthu. Mutu wina umalowa pa rauta polembedwa LAN, wina kumbuyo kwa makinawo. Chongofunika kusamala n'chakuti chisapanidwe ndi chitseko: mkati mwake muli timawaya 8, ndipo kamodzi kakaduka liwiro limatha kutsika kuchoka pa 1,000 Mbps kufika pa 100, kapena kulumikizana kuduka kumene.

Nanga ngati landilodi wakana zobowola khoma? Pali tizipangizo tiwiri todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi: kena kamalowa pasoketi yapafupi ndi rauta, kena kuchipinda. Timagwira bwino tikalowetsedwa pakhoma penipeni, osati pa ekisitenshoni, ngakhale mawaya akale amatifooketsa. Kachipangizo kongobwereza wayifayi ndiko kamakhumudwitsa osewera ambiri: timizere pasikirini timadzaza ndithu, koma uthenga uliwonse ukuulutsidwa kawiri usanafike.